A Satifiketi ndi Kamtsikana Koterereka

Tinkawatchula a Satifiketi chifukwa tsiku lawo loyamba pantchito, asanafunse n'komwe kuti akhala pati, anapempha msomali ndi hamala. Pepala limene anapachika pakhoma linali la maphunziro a masabata asanu ndi limodzi, koma chimango chake chinali chachikulu kuposa zenera la kuchimbudzi. Anali achimwene a akazi awo a bwana wathu, ndipo nzeru zawo zonse za makatuni zinathera pa ubale umenewo.

Kampani yathu inali ya zipinda ziwiri pamwamba pa sitolo ya matayala. Tinkapanga makatuni otsatsa malonda pa kompyuta: sopo wovina, batire lolankhula, zoterozo. Ine ndinkayendetsa zidole, kutanthauza kuti wina akaumba munthu wa m'katuni, ine ndinkamupatsa mayendedwe. Ndinali nditagwira ntchitoyo zaka zisanu ndi ziwiri pamene a Satifiketi anaikidwa kukhala mkulu wanga.

Asanabwere kwathu anayesapo zambiri. Anagulitsapo mafoni, anajambulapo maukwati mpaka tsiku lina anaiwala kuyatsa kamera pa nthawi ya mphete, kenako anakhala chaka chathunthu pa sofa ya achemwali awo akudikira chimene ankachitcha "mwayi woyenera". Achemwaliwo sofa yawo ataifuna, mwayi unapezeka kwa ife. Ankabwera atavala jekete ngakhale kutenthe bwanji, n'kumazungulira kumbuyo kwa mipando yathu manja ali kumsana. Mawu awo anali awiri okha. Chinthu akachikonda ankati, "Chili ndi moyo." Akapanda kuchimvetsa ankati, "Chikusowa moyo." Ukawafunsa kuti moyowo uulowetse pa chithunzi chiti cha katuniyo, foni yawo inkayamba kulira mwadzidzidzi.

Chaka chawo chachiwiri ali nafe tinapeza ntchito ya fakitale ina ya nsapato za ana asukulu. Uthenga wake unali umodzi: nsapato zawo siziterereka. Katuniyo inali ya kamtsikana kovala yunifolomu, kakudutsa pakhonde la sukulu lonyowa ndi mvula mpaka kukafika pakhomo la kalasi. A Satifiketi analengeza kuti imeneyi aigwira okha, kuti tione mmene akatswiri amachitira.

Mayendedwe a kamtsikanako ndinali nditawakonza kale ine. Mwa njira yathu, chidole chimayamba chayenda pamalo amodzi ngati munthu wa pa makina othamangirapo: miyendo ikusinthana, thupi silikupita kulikonse. Sekondi imodzi imakhala ndi zithunzi 24, timazitcha mafulemu, ndipo kamtsikanako kankaponda kawiri m'mafulemu 24, kenako n'kubwereza zomwezo. Ntchito yotsala inali yongokasuntha kuchoka kumapeto kwa khonde kufika pachitseko. A Satifiketi anaona kuti masekondi asanu achuluka, dzina la fakitale likufunika malo kumapeto, ndiye anakoka kiyi yomaliza, kachizindikiro kosonyeza nthawi yofikira, n'kukafikitsa pachitseko m'masekondi anayi.

Tinaonera Lachiwiri m'mawa. Kamtsikanako miyendo kankayendetsa bwinobwino, koma phazi lililonse likaponda linkapitirira kutsogolo ngati lapondera khoko la nthochi. Mwana wotsatsa nsapato zosaterereka ankadutsa khonde lonse akutsetsereka.

"Achimwene, mapazi akuterereka," ndinatero.

"Ndi kompyutayi, chemwali. Ikuchedwa kuwerenga. Tikatulutsa yomaliza zisiya."

Tinatulutsa yomaliza, sizinasiye. Anati ndi pulogalamu yakale, tinaika yatsopano. Anati amene anaumba chidolecho anafupikitsa mwendo umodzi, ndipo bambo woumba zidole, munthu wofatsa wa ana anayi, anakhala masana onse akuyeza miyendo iwiri yofanana kuti awasonyeze. Katatu konse ndinawauza kuti vuto ndi liwiro, ndingathe kukonza tiyi asanazizire. Kachitatuko anandiyankha pamaso pa onse.

"Chemwali, inu mumadziwa kudina mabatani. Ine ndimaona chithunzi chonse. Aliyense akhale pa mpando wake."

Ndinakhala pa mpando wanga. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinalibe chifukwa chowalanda mbale.

Zimene anachita sabata imeneyo ndimazikumbukirabe ndikafuna kuseka. Poyamba anathira madzi othovoka pa phazi lililonse kuti abise, koma madziwo ankatsala pamene phazi laponda, phazilo n'kuwathawa, ndiye kutererekako kunaoneka kuposa kale. Kenako anadzala maluwa m'mphepete mwa khonde, ataliatali mpaka m'mawondo. Pomaliza anakweza kamera kuti izionetsa kuyambira m'chiuno kupita kumwamba. Anatiitana kuti tidzaone, nkhope ili ngwee.

"Mwaona? Vuto latha."

Bambo woumba zidole anakanda m'mutu. "Nanga nsapato zili kuti, bwana?"

"Woonera azimva mumtima kuti zilipo."

Lachisanu kunabwera mayi woyang'anira malonda ku fakitale ija. Anali munthu wamkulu, wa magalasi olendewera pa chingwe, amene anayamba ntchito ali wosoka zidendene pa makina. Bwana wathu anawapatsa mpando wabwino uja wopanda ng'amba, a Satifiketi anaima pambali pa sikirini n'kuyamba kufotokoza za masomphenya awo. Mayiwo anaonera kamodzi.

"Nsapato zanga zili kuti?"

"Mayi, masiku ano otsatsa amakono sasonyeza chinthu mwachindunji…"

"Bambo, ine ndimagulitsa nsapato, sindigulitsa malamba. Tsitsani kamera."

Anaitsitsa, maluwa anawachotsa, ndipo kamtsikana kathu kanatsetsereka kuchoka kumapeto mpaka pachitseko. M'chipindamo munangomveka makina opopera matayala a pansi paja. Mayiwo anavula magalasi.

"Mukufuna makolo aone mwana akutsetsereka chonchi atavala nsapato zanga? Amene akupikisana nafe akanakupemphani kuti mutinyoze, simukanachita bwino kuposa apa."

Bwana anayang'ana alamu awo, alamu awo anayang'ana foni, koma tsiku limenelo sinalire. Kenako bwana anatembenukira kwa ine. "Mayi, mungaoneko?"

Ndinakoka mpando. Ndinaimitsa katuni pa fulemu imene nsapato yakumanja yagona pansi yonse, ndinamata kapepala pa sikirini pamene panali nsonga yake, n'kuyamba kupita fulemu imodziimodzi. Kamera inali yosasuntha, ndiye nsongayo inayenera kukhala pa kapepalako mpaka phazi litanyamuka. M'malo mwake inkachoka pang'onopang'ono kupita kutsogolo.

"Phazi likaponda, ndi la pansi," ndinawauza mayiwo, chifukwa ndi okhawo amene ankamvetsera. "Thupi ndi limene limadutsa pamwamba pake. Mwanayu akamayenda pamalo amodzi, phazi loponda limabwerera m'mbuyo masentimita 48 m'mafulemu 12. Ndiye kuti anayi pa fulemu iliyonse. Thupi lonse likamapita kutsogolo ndi anayi omwewo, ziwirizo zimafafanizana, phazi limaoneka litaima. Khondeli ndi la masentimita 480. Pa masekondi asanu zinkakwana ndendende. Pa masekondi anayi thupi likuthamanga asanu pa fulemu, miyendo ikadali pa anayi. Sentimita yotsalayo ndi imene mukuiona ikutsetsereka, khumi ndi awiri pa sitepe iliyonse."

"Ngati lamba wa makina akuthamanga kuposa singano," anatero mayiwo.

"Chimodzimodzi."

"Ndiye mutani? Masekondi anayiwo ndikuwafuna, dzina lathu lioneke bwino kumapeto."

Njira zinalipo zingapo. Ndikanatalikitsa sitepe kufika masentimita 60, koma mwana wa msinkhu umenewo akanaoneka ngati akudumpha ngalande. Ndikanafulumizitsa miyendo, koma akanaoneka ngati wachedwa ndipo akuopa chikwapu. Ndinangomuyambitsa pafupiko ndi chitseko: masitepe asanu ndi atatu, masentimita 384, masekondi anayi.

Titaonera, kunatsala kuterereka kwina kochepa poyambira ndi pomalizira. Ndinatsegula girafu, chithunzi cha mizere chosonyeza kayendedwe ka thupi, ndipo ndinapeza mzere wopindika ngati chikwakwa uku ndi uku. Pulogalamu imachita zimenezo yokha ukapanda kuiletsa: imayambitsa chinthu pang'onopang'ono, kuthamangitsa pakati, n'kuchepetsanso kumapeto. Miyendo ikuyenda liwiro limodzi, thupi likusinthasintha, phazi silingagwire pansi. Ndinauwongola mzerewo kukhala ngati rula. Ndinayang'ananso mizere ya mapazi pa nthawi imene aponda, kuti nayonso ndi yowongoka, ndinabwezera kapepala kanga, ndipo nsonga ya nsapato inakhala pomwepo, chidendene n'kunyamuka, zala n'kutsalira mpaka fulemu yake yonyamukira.

Mayiwo anaonera katatu, anavala magalasi, anatenga chikwama. Pakhomo anafunsa bwana kuti, "Bambo ajekete aja ntchito yawo ndi chiyani kwenikweni?" Bwana anaseka ngati amva nthabwala, n'kuwaperekeza pa masitepe.

Musaganize kuti a Satifiketi anachotsedwa. Munthu sachotsa mlamu wake ngati akufuna kudya mwamtendere kunyumba. Lolemba a Satifiketi anaitanitsa msonkhano, ndipo anaima pa bolodi n'kutiphunzitsa, ife, kuti liwiro la thupi liyenera kufanana ndi la phazi loponda. Anati ndi mfundo imene akhala akuiganizira kwa nthawi yaitali. Manambala anawalemba mosemphanitsa, 12 kugawa ndi 48, ndipo atapeza kotala anaima kaye akuyang'ana choko. Palibe anawathandiza. Bambo woumba zidole ankangoyang'ana kudenga, mapewa akugwedezeka.

Patapita mwezi anapatsidwa udindo watsopano wa mkulu woona za ubale ndi makasitomala, ndi tebulo lake pafupi ndi khomo, kutali ndi kompyuta iliyonse imene inali ndi ntchito yeniyeni. Mayi a ku fakitale anabweranso ndi ntchito ina ya nsapato za mpira, koma anapempha kuti azilankhula ndi ine basi, ndipo akalowa ankawapatsa a Satifiketi ambulera kuti awasungire.

Anakhala nafe zaka zina ziwiri. Bwana ndi akazi awo atasiyana, a Satifiketi anachoka sabata yomweyo, osatsanzika aliyense. Ndinakumana nawo chaka chatha pa siteji ya basi, atanenepa, atanyamula mpukutu wa mapepala. Anandiuza kuti tsopano ndi mlangizi wa makampani, ndipo makatuni anawasiya chifukwa anthu a m'ntchito imeneyi safuna kuphunzira. Basi yanga itafika anandigwira mkono n'kundifunsa ngati ndikudziwa aliyense amene akufuna munthu wodziwa kutsogolera. Ndinawauza kuti ndifunsa, ndipo ndinakakhala mbali imene kunalibe zenera loyang'ana kwa iwo.