Botolo Loyera la Achemwali

Achemwali anga akalambira m'chipinda chochapira cha pahotela, ndipo ukhondo unawalowa m'magazi. Kunyumba kwawo kapu ukangoiika pansi yapita kale kumadzi. Chilichonse amachiviika m'mankhwala oyeretsera zovala, aja obaya m'mphuno, moti manja awo ndi osupukasupuka. Ife timawaseka kuti tsiku lina adzaviikamo alamu.

Koma ukhondowo ndi mantha. Mayi athu anadulidwa mwendo ndi shuga, ndipo amene ankawatsuka bala anali iwowa. Chiyambire pamenepo amaona matenda paliponse.

Mwana wamkazi wa achemwali atakhala ndi pakati, mapazi anayamba kumutupa ndipo mutu sunkamuleka. Tinapita naye kusikelo. Anamwino anamupatsa kabotolo ka mkodzo, koma achemwali anakalanda panjira yopita kuchimbudzi, akuti sakudziwa amene anakagwira, n'kumupatsa botolo lawo lochoka kunyumba.

Anamwino anaviikamo kapepala kakatali kokhala ndi timabokosi tamitundumitundu, n'kukayandikiza pa tchati. Anatiuza kuti kabokosi kalikonse kali ndi chake: ka shuga, ka magazi, ka mapuloteni otayika impso zikavutika, ndi tiwiri tosonyeza majeremusi ndi mafinya. Tikuyang'ana choncho, ka shuga kanachoka pa buluu n'kudera, ka magazi kanabiriwira. Achemwali anagwira khoma. Ine m'maganizo ndinaona mwendo wa mayi athu uli m'mabandeji.

Anamwino ananunkhiza botolo lija n'kukwinya nkhope. Anafunsa kuti lachokera kuti, achemwali anayankha chapansipansi kuti analitsuka okha ndi mankhwala awo. Anamwino anati timabokosi tiwirito mankhwala amenewo amatisintha mtundu ngakhale mulibe shuga kapena magazi, ndipo mapiritsi a vitamini C amachita zosiyana, amabisa zimene zilimo. Anatulutsa kabotolo kena, mwana anapitanso.

Ulendo uno ka shuga sikanasunthe, ka magazinso ayi. Ndinali nditayamba kale kuwanena achemwali kuti atiphera mtima pachabe, koma anamwino sankaseka nawo. Ka mapuloteni kanali katachoka pa chikasu n'kubiriwira kwambiri, monganso poyamba paja, ife tili kalikiliki ndi shuga. Anamumanga mwana lamba woyezera BP pamkono, anawerenga, anabwereza, kenako anatuma mnzawo kukaitana adokotala ndi kukonza bedi. Anati BP yakwera, ndipo ikakumana ndi mapuloteni mwa mayi wapakati imatha kumukomola, n'kuika pangozi iye ndi khanda lomwe.

Achemwali, amene sapepesa kwa munthu, anawagwira anamwino mkono.

"Anamwino, kanunkhizeninso aka. Mwina ndi ine ndalakwitsanso."

"Ayi mayi, aka simunakagwire."

Mwana anamukweza pa njinga ya odwala atagwira pamimba, akuyang'ana mayi ake kuti anene kanthu. Achemwali anangotsatira pambuyo, atanyamula nsapato zake zimene zinakana kulowanso kumapazi.