Kalata ya ku Msasa

Amuna anga anamwalira mu Epulo, ndipo pamene tinali kumaliro chilolezo changa cha ntchito chinali kutha. Sindinachiganizire. Anandikumbutsa ndi mlamu wanga wa ku Mbare, tikutsuka mbale za anthu obwera kudzapepesa.

Ine ndine wa ku Tete, mlendo m'dziko lino, ndimasoka maovololo pa fakitale ina ku Msasa. Chilolezo chikatha, kulibe ntchito, ndipo kukhala ku Glen View kumakhala kobisala. Ana anga awiri anabadwira kuno. Manda a bambo awo ali kuno.

Kuti chilolezo chiwonjezedwe, abwana amayenera kulemba kalata yopita ku ofesi yoona za olowa m'dziko, yonena ntchito yanga, malipiro anga, ndi tsiku loyamba ndi lomaliza la kontrakiti. Ndinapita kwa mayi a mu ofesi ya pa fakitale ndili ndi duku lakuda. Anandipepesa m'Chishona, nalemba kalatayo, abwana nasaina, nadinda chidindo. Ndinaipinda osaiwerenga. Chingerezi ndimachiwerenga movutika, ndipo masiku amenewo zilembo zinkangoyandama.

Ku tawuni ndinaima pamzere mpaka dzuwa litafika pamutu. Bambo wa pawindo anayang'ana kalata, nayang'ana pasipoti.

"Mayi, uyu ndi ndani?"

"Ndine."

"Pasipoti ikunena dzina lina."

Ku fakitale aliyense amanditchula ndi dzina la amuna anga, monga amatchulira mkazi aliyense wokwatiwa. Mayi aja analemba lomwelo. Koma ife tinakwatirana mwa mwambo wa makolo, ndipo pasipoti ndi kontrakiti zili m'dzina la bambo anga ondibereka.

"Ikalembedwenso. Mubwere chilolezo chisanathe," anatero, naitana wotsatira.

Sindinalire. Ndinagula chimanga chootcha, ndinachigwira m'manja mpaka mu kombi, minibasi ya kuno, sindinadye.

M'mawa mwake mayi a mu ofesi anagwira pakamwa. "Ambuye! Zaka zonsezi, ine kumayesa ndi dzina lanu." Amene ankalemba makalata akale anali atapuma pantchito. Mayi aja anatulutsa kontrakiti m'kabati, nakopera dzina chilembo ndi chilembo, nandiwerengera mokweza: wosoka pa makina, malipiro a pamwezi, masiku onse awiri.

"Ndifufute la abambo, eti?" anafunsa, chala chili pa kompyuta.

"Fufutani."

Ndinaona dzina la amuna anga likuchoka kuyambira kumapeto. Ndinkayembekeza kuti china chake chindipweteka. Palibe chinachitika. Kunja makina anali kulira ndipo ndinkaganiza za mtolo wa makolala a maovololo umene ndinausiya theka.

Abwana anali ku Bulawayo, anasaina Lachisanu. Lolemba bambo wa pawindo analandira mapepala, nandipatsa risiti yosonyeza kuti pempho lalowa nthawi isanathe. Chilolezo chinatuluka m'nyengo yozizira.

Ana akupitabe kusukulu yawo yomweyo. Masiku ena a Lamlungu ndimakapalira pamanda.