Tsiku Limene Tinawakonza Adada

Luso limeneli ndinaliphunzira ku ofesi, nthawi ija misonkhano yonse inasamukira pa kompyuta. Ndinali sekeletale pa kabungwe kena m'tauni muno mu Mzuzu, ndipo abwana athu akalowa pa vidiyo ankaoneka ngati munthu wosuzumira m'chitsime: mphuno, chibwano ndi denga basi. Ndine ndinawaikira mafayilo pansi pa laputopu kuti kamera ifike m'maso, n'kuwatembenuzira desiki ku windo. Kuyambira pamenepo aliyense wofuna kuoneka ngati munthu pa vidiyo ankandiitana ine. Ndinkanyada nazo, sindibisa.

Chaka chimene adada anadwala, mng'ono wanga anali ku Joni, akuphunzira unamwino kwinaku akugwira ntchito. Mayeso ake omaliza anali atatsala milungu isanu. Ife kunyumba ku Zolozolo tinkamuuza zimene timauza aliyense amene ali kutali, zoti akudwala pang'ono koma akupezako bwino. Chilungamo chake n'chakuti kuchipatala anali atatibweza kuti tizikawasamalira kunyumba, ndipo tonse tinkadziwa tanthauzo lake.

Koma mwana wophunzira unamwino sanamizika ndi mawu. Lachisanu lina anandiimbira n'kunena kuti, "Achemwali, Lamulungu ndikufuna ndiwaone pa vidiyo. Ndikaona kuti sali bwino, ndikukwera basi sabata yomweyi. Mayeso ndidzalemba chaka chamawa."

Ndinawauza adada zimenezo. Anali mphunzitsi wopuma, wa ku Nkhata Bay, munthu amene kwa iye kujomba mayeso kunali tchimo loposa kuba. Kenako anandiuza kuti nditsegule kamera ya foni, adzione. Ndinawapatsa ali chigonere. Foni inali pachifuwa, babu la kudenga likuwawalira pamutu, ndipo chimene anaona chinali maenje awiri m'malo mwa maso, ndi khosi la mitsempha yokhayokha. Anaibweza msanga.

"Iwe mama, si paja umakonza mabwana ako ku ofesi? Undikonze nane. Mwana yura alembe mayeso."

Amama anakana. Anati kunamiza mwana pa matenda a bambo wake n'kudziputira mlandu wosatha. Adada anangoti, "Nyumba ino mwini wake ndilipo," ndipo amama anatuluka kukatsuka mbale zotsukatsuka. Ine sindinakane. Ndimafuna nditanena kuti ndinachita chifukwa cha mantha, koma mumtima munalinso kachimwemwe koti luso langa lafunika.

Lamulungu kunacha ndi mitambo, kamvula kathu ka m'nyengo yozizira kakuwaza. Ndinakondwera, chifukwa kuwala kwa tsiku la mitambo n'kofewa, sikukumba nkhope ngati dzuwa. Tinawanyamula ine ndi amama mpaka pabalaza, ndipo kupepuka kwawo kunandiopsa. Mpando wawo wa masiku onse unali wofulatira windo, pomwe munthu amangooneka chithunzithunzi chakuda. Ndinautembenuza kuti nkhope iyang'ane ku windoko, n'kuzimitsa babu. Pa tebulo patsogolo pawo ndinayala nsalu yoyera kuti izibweza kuwala pansi pa chibwano ndi m'masaya.

Kumbuyo kwawo kunali shelefu ya mankhwala, beseni ndi matewera a akuluakulu. Zonsezo ndinazisamutsira kukhitchini, n'kusiya mabuku awo ndi kalendala ya kutchalitchi.

Ndinawameta ndevu pang'onopang'ono, chifukwa khungu linali litalekana ndi mafupa ndipo lezala linkakoka. Milomo yosweka ndinaipaka vaselini, koma pamphumi ndinangopukuta ndi kansalu kuti pasanyezimire. Shati inali itawakulira moti kolala inkalendewera, ndiye ndinaikokera kumbuyo n'kuipana ndi mapegi awiri a zovala. Pamwamba pake juzi, kenako jekete, kenako sikafu yobisa khosi. Ku Mzuzu mwezi umenewo palibe angadabwe ndi sikafu.

Foni ndinaipukuta galasi la kamera, n'kuiimika pa mulu wa mabuku a nyimbo ndi dikishonale yawo mpaka inalingana ndi maso awo, patali ngati kutalika kwa mkono, kuti azioneka kuyambira pachifuwa kupita m'mwamba. Manja ndinawauza kuti asakweze, chifukwa manja sindikanatha kuwakonza.

"Muziyang'ana pa kabowo aka, adada, osati pa nkhope yake. Mukatero iye aziona ngati mukumuyang'ana m'maso."

"Ndiye kuti mwana wane nisamuwone?"

"Muzimuona pang'ono, kenako mubwerere pa kabowo."

Kenako ndinayang'ana pa foni. Munali adada athu a zaka ziwiri zapitazo, owondako pang'ono basi. Nditasuntha maso n'kuyang'ana pa mpando, panali munthu wina, wotsamira mapilo atatu, akupuma ndi pakamwa.

Mng'ono wanga anaimba itangokwana teni koloko.

"Adada! Muli uli?"

"Nili makola chomene, mama. Ukuwona wekha. Za mayeso zikuyenda?"

Anawafunsa mafunso a unamwino, ngati akudya, ngati akugona, ngati miyendo yatupa. Adada ankayankha mwachidule, maso ali pa kabowo kaja ngati mwana womvera wa Sitandade 1. Mpaka anamuseka kuti wanenepa ndi nkhuku za ku Joni. Ine ndinali nditagwada kumbali, kosaoneka, nditawagwira m'chiuno kuti asapendekeke. Mng'ono wanga atati ndiyendetse foni awaone thupi lonse, ndinayankha kuti netiweki ikuvuta, ndikaisuntha idula. Amama anaitanidwa kuti adzapereke moni, koma anangofuula ali kukhitchini kuti manja ali ndi sopo.

Zonse zinatenga mphindi zisanu ndi ziwiri. Pomaliza mng'ono wanga anaseka, kuseka kwa munthu amene watula katundu, n'kunena kuti, "Achemwali, mwandiopseza chabe. Akuoneka bwino kusiyana ndi mmene ndimaganizira. Yewo chomene powasamalira." Foni itadula, adada anagwetsa mutu paphewa panga. Sanadzukenso kupita pabalaza.

Anamwalira patatha masiku khumi ndi awiri, mayeso aja asanayambe n'komwe.

Tinadikira masiku atatu kuti mng'ono wanga afike. Pa mwambo woona nkhope, anaima pa bokosi nthawi yaitali mpaka azimayi a mvano anamugwira mkono kuti mzere uyende. Sanalire mokweza. Anangondiyang'ana ine, tsidya lina la bokosi, ndipo ndinadziwa kuti wawerenga zonse. Munthu sawonda choncho m'masiku khumi ndi awiri, ndipo iye ankadziwa zimenezo kuposa tonsefe.

Titabwera kumanda anandipeza kuseri kwa nyumba ndikutsuka makapu. Ndinayamba kulongosola ndisanafunsidwe. Ndinati anafuna okha, ndinati ankaganizira tsogolo lake, ndinati mawu a kholo sakanidwa. Anandisiya mpaka mawu anandithera.

"Munachita bwanji?" anafunsa.

Ndinamuuza. Windo, nsalu yoyera, mapegi, sikafu. Ankangogwedeza mutu ngati akumvetsera kalasi.

"Tikiti ndinali nditagula kale, achemwali," anatero. "Ya Lachiwiri. Ndinangoti ndiwaone kaye kuti ndidziwe zoti ndiwatengere. Nditawaona, Lolemba m'mawa ndinakaibweza."

Anatola kapu imodzi m'beseni, anaitsukuluza, anaiika pa thandala, n'kubwerera m'nyumba kukakhala ndi amama.