Zenera la kummawa

A Shigeo Kuwabara anayendetsa basi mu mzinda wa Nagaoka zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu, ndipo chipale chofewa chikaunjikana mpaka kubisa zikwangwani, anthu ankadziwabe kuti basi yawo ifika pa nthawi yake. Sanali munthu wa nthabwala. Mkazi wawo Fumie ankati anakwatiwa ndi wotchi yovala chipewa.

Iwo atapuma ntchito, Fumie yemweyo anawagulira wotchi ya pamkono yodya kuwala kwa dzuwa, imene imadzikonza yokha ikamva mafunde a wailesi ochokera pa mlongoti wa paphiri ku Fukushima. Usiku uliwonse ankaivula n'kuigoneka pazenera la kummawa, nambala 12 italoza panja, kutali ndi TV ndi foni. Mmawa ankadina kabatani, muvi wa masekondi n'kuloza pachizindikiro chakuti yamva. Akatero m'pamene ankakhala pansi kudya mpunga ndi msuzi wa soya wotchedwa miso.

Fumie anamwalira. Patapita zaka zinayi iwo anaterereka pakhomo nathyoka chiuno, ndipo anakhala miyezi yambiri kuchipatala. Wotchi inatsekeredwa m'kabati yamdima mpaka inaima. Atachira sanabwerere kwawo. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Tomoe, amene ankagwira ntchito ku Tokyo, anawapezera malo kunyumba yosungirako okalamba.

Chipinda chawo chinali pakati pa nyumbayo: makoma a simenti odzaza zitsulo, bedi lamagetsi, zenera loyang'ana khoma lina. Kuwala kunkalowa ndithu, moti wotchi inadzuka n'kuyamba kuyenda. Koma mafunde a wailesi sankadutsa makomawo, choncho inkayenda zayokha, nthawi yolakwika, tsiku lolakwika. Kabuku kofotokoza kakonzedwe kake pamanja kanasowa posamuka, ndiponso zala zawo zinali zitayamba kunjenjemera.

Anayendayenda ndi ndodo mpaka anapeza zenera limodzi loyang'ana kummawa, kumapeto kwa khonde, pafupi ndi masitepe. Anayesa masana, zinakanika. Masana mafunde amenewa amafooka, ndipo m'nyumba monse makina amakhala akulira. Anaisiya pomwepo kuti igone, koma wokolopa anaitola n'kukaipereka ku ofesi. Choncho anayamba kudzuka 2 koloko usiku kuti akaidikirire okha.

Wotchi yotere ikamamvetsera siifuna kugwedezedwa, ndipo imatha kutenga mphindi khumi kapena kuposa. A Kuwabara sanapatsidwepo ngakhale zitatu. Akangodina batani, kunkatulukira mayi Hoshino, wosamalira okalamba usiku, atanyamula tochi ndi foni.

"Agogo, mwayambanso? Basi yomaliza inapita kale, tiyeni tikagone."

"Chotsani foniyo apa, mayi. Wotchi ikumvetsera."

"Ikumvetsera ndani? Tiyeni, muzizidwa."

Mayiyo sanali woipa mtima. Okalamba makumi atatu pa munthu mmodzi si masewera. Koma anthu akangokuona imvi ndi ndodo, makutu awo amatseka okha. M'buku la usiku analembamo kasanu kuti a Kuwabara akumayendayenda n'kumalankhula za wotchi imene ikumva mawu. Dokotala atawafunsa kuti lero ndi pa chani, iwo mwachizolowezi anayang'ana pamkono, nayankha tsiku lolakwika.

Tomoe anaitanidwa. Akuluakulu a nyumbayo anamutumizira pepala loti asaine kuti bambo ake asamukire kunsanjika yachitatu, kumene zitseko zimakhala zokhoma ndipo okhalako saloledwa kusunga tinthu ting'onoting'ono. Anafika madzulo ndi sitima, atanyamula makeke a mpunga okulunga m'masamba, amene bambo ake ankakonda. Iwo sanawakhudze.

"Akuti mukumadzuka usiku, bambo."

"Sananame."

"Ndikugulirani wotchi ina, ya manambala akuluakulu. Iyi yatha."

"Yatha ndi iweyo. Iyi ilibe vuto, yangoikidwa poipa." Anaitembenuza m'manja. "Unkandiona ndikuiika pazenera kunyumba zaka zonse zija. Unkayesa ndikuiyanika?"

Tomoe anachita manyazi, chifukwa sanafunsepo. Pepala linali m'chikwama, ndipo sitima yobwerera inali ya 8 koloko. Anapita ku ofesi kukapempha kuti agone pampando m'chipinda cha bambo ake.

Nthawi itakwana anatuluka awiri, pang'onopang'ono. A Kuwabara anamuuza kuti asiye foni pabedi. Pazenera paja anaigoneka wotchi patali pang'ono ndi felemu yachitsulo, nambala 12 italoza mumdima, anadina batani kwa kanthawi mpaka muvi wa masekondi unalumpha n'kuima. Kenaka anabwerera m'mbuyo mapazi awiri, manja onse pandodo.

Tochi ya mayi Hoshino inawalira kumapeto kwina kwa khonde. Tomoe anathamanga kukakumana nawo, nawerama.

"Pepani mayi, tipatseni mphindi khumi zokha. Zikavuta mlandu ndi wanga."

Anaima atatu kudikirira. Kunkazizira. Tomoe ankangoyang'ana msana wa bambo ake, wopindika m'malaya ogonera, ndipo ankaopa. Ankadziwa kuti mivi ija ikapanda kusuntha, mawa asaina, ndipo mtima wake udzamuuza kuti wachita bwino. Mphindi zisanu zinatha. Mayi Hoshino anatsokomola.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha," anatero a Kuwabara osatembenuka.

Cha pa mphindi yachisanu ndi chitatu mivi inanyamuka yokha. Inazungulira mothamanga, kuwoloka maola amene inataya, kenaka nambala ya tsiku inayamba kugudubuka pakabowo kake mpaka inaima pa 14. Mayi Hoshino anapita cha patali kukayang'ana foni yawo, nabwerera atagwira pakamwa.

"Ndi 2:21 ndendende. Agogo, ndikhululukireni. Ndikafufuta zija ndinalemba."

"Musafufute zonse," anatero a Kuwabara.

Mayiyo atapita, a Kuwabara anakhala pa sitepe yoyamba n'kuyamba kumanga wotchi pamkono. Lamba linawavuta, Tomoe anagwada kuwathandiza.

"Tomoe, dokotala uja sanalakwe kwenikweni. Mmawa wina ndimadzuka osadziwa tsiku. Dzana ndinafunafuna dzina la mlongo wa mayi ako mpaka masana." Analankhula ngati akunena za basi imene yayamba kuvuta mabuleki. "Wotchiyi ikakhala bwino, ndimayang'ana pamkono n'kudziwa pamene ndili. N'chifukwa chake ndimalimbana nayo."

Tomoe analira mwakachetechete, lamba lili m'manja. Chisoni chinamugwira poona kuti bambo ake ankadziwa zonse, ndipo ankazisenza okha m'khonde lozizira.

"Sindisaina, bambo. Ndipempha akupatseni chipinda cha mbali ino."

"Upemphe. Koma pepalalo usaling'ambe." Anamugwira dzanja. "Ukamabwera uzindipatsa wotchiyi n'kundiuza kuti ndiiike pazenera. Tsiku limene ndidzaime nayo osadziwa koilozetsa, udzasaine, ndipo usadzazengereze. Wamva?"

"Ndamva."

Sabata yotsatira a Kuwabara anasamukira kuchipinda cha kummawa. Anakhalamo miyezi khumi ndi isanu ndi inayi, ndipo mayi Hoshino ankaonetsetsa kuti pazenerapo pasaikidwe foni kapena chotchajira. Tomoe ankabwera Lamlungu loyamba la mwezi uliwonse, pepala lili m'chikwama.

Lamlungu lina la mu Novembala anawavula wotchi monga mwa masiku onse n'kuwaikira m'manja. A Kuwabara anaiyang'ana nthawi yaitali, anaitembenuza, anayang'ana zenera, kenaka chitseko. Potsiriza anamwetulira mwaulemu, ngati kwa mlendo wokwera basi, n'kumubwezera.

"Ndi yokongola, mayi. Ndi yanu?"