Matayala Osazungulira

Ndinkagwira ntchito pakaofesi kena kotsatsa malonda ku Limbe, ndipo yanga inali yolembera kompyuta mawu oti izipangira zithunzi. Tsiku lina kunabwera bambo ena ogulitsa magalimoto, makiyi akulira m'chiuno, akufuna chithunzi cha pachikwangwani.

Ndinalemba mosamala: galimoto yofiira ikuthamanga dzuwa litangolowa, kufiira kwa kumwamba kukunyezimira papenti, phula louma, galimotoyo izioneka bwinobwino, koma mitengo, msewu ndi matayala zikhale mbuu chifukwa cha liwiro.

Ataona chithunzicho anakwinya nkhope. "Achimwene, marimu anga ali kuti? Anthu amagula marimu!"

Ndinawauza kuti tayala likamazungulira, rimu sioneka bwino. Iwo akuti anapitako ku Dubai, ndiye ine wa ku Nkolokosa ndingawauze chiyani? Ndinasintha mzerewo, n'kulemba zofuna zawozo.

Chikwangwanicho anachikweza ndithu. Mitengo ikuuluka, msewu ukuthawa, koma matayala ali duu, nati iliyonse ikuwerengeka. Madzulo ena ndili m'minibasi, kondakitala anachiyang'ana n'kufunsa dalaivala: "Nanga iyi yaferanji pakati pa msewu? Asowa oikankha?"