Mwana wa mng'ono wanga ndi chisanu cha ku Joni

Mlamu wanga atatumiza uthenga woti mkazi wake, yemwe ndi mng'ono wanga, ndi mwana amutsatire ku Joni, ine ndinakana poyera, ngakhale panalibe amene anandifunsa. Unali mwezi wa Epulo. Munthu wanzeru amaitana banja lake chisanu chikutha, osati chikuyamba. Koma mng'ono wangayo anali atakhala zaka zambiri akugona yekha, ndipo apongozi ake anali atayamba kumuponyera mawu. Mwanayo anali asanayambe n'komwe sukulu ya mkaka, ndipo chifuwa sichinkachedwa kumugwira.

Ife a ku Lungwena timati chisanu timachidziwa. Mwera ukawomba mu Juni timafunda zitenje ziwiri n'kumadandaula ngati dziko latha, koma dzuwa likangokwera ana ali kale m'madzi. Ndi nzeru zimenezo tinakwera njinga kupita pa kaunjika ku Mangochi. Majekete olemera anali pansi pa mulu, opanda owafuna. Tinamuveka mwanayo limodzi lofika m'mawondo, thukuta lili kamukamu, iye akulira, wogulitsa akuseka. Tinagulanso zipewa zoluka, masokosi ndi bulangete limodzi lokha, chifukwa thiransipota wonyamula anthu opita ku Joni anati katundu akachuluka tilipira mpando wina.

Mlamu naye ankakonzeka. Anatumiza kanema pa foni kutionetsa mkuku wake, kanyumba ka malata kumtunda ndi m'mbali momwe. Anali atamata makatoni m'kati monse, mipata atatseka ndi nsanza ndi mapepala, pansi pa chitseko ataikapo thumba. Kenako analoza chitini choboolaboola chodzaza makala.

"Mphepo ilowera pati apa? Bwerani, ndakonza zonse."

Mng'ono wanga anauonetsa mudzi wonse kanemayo. Atafika kwa mayi ena oyandikana nafe, amene anakhalako ku Joni n'kubwerako ali wamasiye, mayiwo anaonera mpaka kumapeto, n'kubweza foni.

"Bambo a kwathu anakonzanso chonchi," anatero. "Kuno nyumba zathu zimapuma, mpweya umatulukira m'denga. Uko mukatseka paliponse n'kugona ndi mbaula, makala amatulutsa mpweya wosaoneka, wosanunkha. Mutu umawawa, thupi limafooka, tulo timakoma. Iwe mwanawe, mbaula izigona panja, ndipo mpata umodzi uzisiya, ngakhale akukalipire."

Mng'ono wanga ndi mwana anapita kumayambiriro kwa Meyi. Ndinalira, koma kwambiri ndinali ndi mkwiyo.

Mu Juni mafoni anayamba kubwera m'mawa uliwonse. Mng'ono wanga ankati madzi a m'ndowa agwira pamwamba ngati galasi, malata akudontha m'kati, zala zikukana kumanga chitenje. Magetsi a kumeneko anali ongolumikiza, hita ikayatsidwa mzere wonse unkazima, anthu n'kuyamba kutukwanana. Bulangete lathu lija linangokhala ngati kansalu. Iye ankatulutsa mbaula asanagone, mwamuna wake n'kuibwezeretsa. Iye ankazula nsanza pa mpata wa pamwamba pa chitseko, mwamunayo n'kutsekanso. Ndikamufuna mlamuyo pa foni ankandiyankha mwaulemu wake wonse.

"Alamu, inu mukulankhula muli pa dzuwa. Ine ndimadzuka kukagwira ntchito pa simenti yozizira. Mwanayu akutsokomola chifukwa cha mphepo yomwe akulowetsa mng'ono wanuyu."

Chondipweteka n'chakuti sankanama. Mpata ukatseguka, chifuwa cha mwana chinkalira. Ukatsekedwa, tonse tinkadziwa chimene chikanachitika.

Tsiku lina mu Julayi mng'ono wanga anaimba mawu ali olemera ngati woledzera. Anati anadzuka mutu ukung'amba, miyendo yosagwira, mwana atasanza pa bulangete ndipo sakudzuka bwino. Anakwawa mpaka kukankha chitseko. Oyandikana nawo anawatulutsira panja n'kuthamanga nawo ku chipatala. Onse atatu anachira.

"Achemwali," anatero, "mwanayu chisanu china sachimaliza kuno. Ine kubwerera sindingathe, banja litha. Mundilandirire."

Mwanayo anabwera ndi thiransipota yemwe uja, pa miyendo ya mayi wina amene sindinkamudziwa. Ndinakamulandira pa depoti, milomo yake itang'ambika, akundiyang'ana ngati mlendo. Chifuwacho chinatha m'masabata ochepa, popanda china chilichonse koma dzuwa lathu lomweli limene timalitukwana.

Tsopano ali ku pulayimale. Mayi ake akadali komweko, m'chipinda cha njerwa, koma mapepala awo sali bwino, ndiye akabwera kuno kubwerera kungavute. Amaimba Lachisanu lililonse anthu akachoka ku mzikiti. Sabata yatha ndinamupatsa mwanayo foni, iye analankhula pang'ono, maso ali kwa anzake panja, kenako anandibwezera.

"Amayi, anti aja akuti akufuna inu."

Mng'ono wanga anamva. Sanadule foni, inenso sindinadule, mpaka mayunitsi ake anatha.