Botolo la mchemwali wanga

Ndamwa ma ARV zaka zambiri, ndipo ndikulumbira kuti kwathu kuno ku Bembeke anthu amasowa masana dzuwa likuswa mtengo. Pachipatala chathu, pakati pa chipinda choyezera magazi ndi cholandirira mankhwala, pali kakhonde kakafupi. Ndinaona ndi maso angawa bambo wa jekete akulowa pakakhondepo atangomva zotsatira, n'kukatulukira ku Joni. Ena amayamba kumwa bwinobwino, koma masaya akangobwerera amati achira.

Alamu anga, ocheka matabwa m'Phiri la Dedza, sanafike n'komwe pakakhondepo. Mchemwali wanga atapezeka ndi kachilombo kusikelo ya amayi oyembekezera, iwo anati banja ndi thupi limodzi, kuyezetsa kawiri n'kuwononga zipangizo za boma. Chomwe ankaopa ndi amayi ogulitsa kachewere pageti, omwe amadziwa wolowa aliyense ndi mudzi wake.

Mwana anabadwa, anamuyeza, analibe. Koma anali kuyamwa, ndipo magazi a mayi ake atayezedwa, tizilombo tinapezeka tochuluka. Anamwino anafotokoza kuti tikachuluka chotero tingathe kudutsira mumkaka. Anawerenga mapiritsi m'botolo: ankatha pa tsiku lake lenileni. Mchemwali analumbira kuti botolo silidumphidwa tsiku. Sananame.

Ndinakawapeza alamu akunola sowo, ndipo anandifotokozera monyadira ngati atulukira magetsi. Lolemba amamwa mkazi, Lachiwiri iwo, Lachitatu mkazi.

"Timagawana mwachilungamo, alamu. Bulangeti timafunda limodzi, nanga mankhwala?"

"Ndiye kachilombo kanamva kuti Lachiwiri n'koyenera kupuma?"

Anati ine kuphunzira kunandiwononga.

Ndinawauza kuti theka la mankhwala silithandiza aliyense mwa awiriwo, limangophunzitsa tizilombo kulimba mutu, ndipo wolipira ndi mwana. Anavomera kukayezetsa, koma kuchipatala chakutali kumene sadziwika. Tinapalasa njinga kudutsa zipatala zomwe zinali ndi zipangizo zomwezo, iwo atavala chipewa chaubweya mpaka m'mphuno, moti agalu a m'njira ankawauwa mwaulemu. Anapezeka nako. Pakakhonde ka kumeneko ndinawagwira lamba wa thalauza mpaka analandira botolo lawolawo.

Kuyambira tsiku limenelo mchemwali ankamanga lake kumpango wa m'chiuno. Patapita miyezi anamuyezanso, tizilombo tinali titachepa mpaka makina osationa. Mwana atasiya kuyamwa anamuyeza komaliza. Alibe. Pano amathamangitsa nkhuku za eni.

Alamu anamwa mpaka botolo loyamba litatha. Kukatenga lina anati n'kutali, ngati kuti anawasankhira chipatalacho ndine. Kalata yosamutsira kuno anaikana chifukwa cha amayi a kachewere aja. Kenako anapita kukacheka matabwa ku Mozambique.

Anabwerako chaka chatha, jekete ikuwalendewera ngati yaikidwa pamsomali. Akuti ndi mphepo ya m'phiri.